Kwa iwe amene umalemba meseji nkufufutanso: yamba ndi timameseji ting'onoting'ono

Ngati ndiwe munthu uja amene umatsegula WhatsApp, nkupita pa dzina la munthu yemwe wakudolola, nkulemba mizere itatu, kuwerenga, kusintha, kuwerenganso kenako nkufufuta zonse foni nkuiponya pabedi mtima ukugunda, malangizo awa ndi ako, kaya ndiwe mnyamata kaya mtsikana. Mawu uli nawo, ndipo anthu amanyazi ambiri amalemba bwino kuposa olongolola aja. Chimene chimakugwetsa nchakuti umafuna meseji imodzi isenze zonse, ikudziwitse, imuseketse, imuuze kuti umamufuna, ndiponso ikutetezere ulemu wako akakana. Meseji yotero ndiyolemera, nchifukwa chake chala chimakana kudina. Nde zimene ndikufuna tichite pano nkuichepetsa mesejiyo mpaka ifike poti olo asayankhe palibe chimene wataya, kenako nkumakweza pang'onopang'ono.

Mantha amtunduwu ali ndi khalidwe lake. Ukafufuta meseji ija mtima umakhala pansi nthawi yomweyo, ndipo thupi limaphunzira kuti kuthawa ndiye mankhwala, mawa lake manthawo amabwera atakula. Koma ukatumiza kanthu kakang'ono nkupirira kugunda kwa mtima kuja osachita kalikonse, kumatsika kokha, ndipo ulendo wotsatira sikufika pomwe kunafika poyamba. Akatswiri othandiza anthu a nkhawa amagwiritsa ntchito njira yomweyi yoyamba ndi zoopsa pang'ono nkumakwera. Nde meseji iliyonse usanatumize uziipatsa malikisi a mantha kuyambira 1 mpaka 10. Ya 3 kapena 4 tumiza. Ikafika 8 kapena 9 ndekuti wadumpha sitepe, ichepetse kaye.

Usanayambe, munthuyo ndi ndani ndipo nambala unaipeza bwanji

Apa sindichedwapo koma nkofunika. Akhale munthu wamkulu, wa zaka 18 kupita mtsogolo, asakhale mkazi kapena mwamuna wa mwini, asakhalenso munthu amene ali pansi pako kuntchito kapena amene umamuphunzitsa, chifukwa ameneyo sangakukane momasuka. Chachiwiri, akhale woti amakudziwa nkhope ndipo munayankhulanapo ndi pakamwa olo kamodzi. Kutola nambala ya munthu mu gulupu ya tchalitchi kapena ya kuntchito musanapatsanepo moni nkumulowera ku inibokosi, ambiri makamaka atsikana zimawaopsa, ndipo yankho lake limakhala lija loti "nambala yanga mwaitenga kuti?" lomwe kwa munthu wamanyazi limapweteka sabata yonse. Bola upemphe pamaso ndi chifukwa chooneka, monga "ndikutumizireni zithunzi za dzulo zija?" Akakupatsa yekha ndipo wasevanso yako, mumayamba kuonerana masitetasi, ndipo khomo lathu lili pamenepo.

Konza foni kaye

Pali zinthu zingapo pa WhatsApp zimene zimawonjezera nkhawa koma ungathe kuzichotsa. Ukamalemba mu tchati cha munthu, iye akakhala kuti watsegula amaona chizindikiro choti ukulemba, nde ukalemba nkufufuta kwa mphindi khumi iye akuona. Usamalembere mmenemo. Dina ngati ukuyamba tchati chatsopano, pamwamba pa mayina upeza nambala yako yomwe yolembedwa Message yourself, uzilembera mmenemo, ukamaliza nkukopera kwa mwiniwake nkutumiza kamodzi.

Kenako matiki abuluu. Ngati ndiwe woti ukaona kuti wawerenga koma sanayankhe m'mimba mumatentha, pita ku Settings, Privacy, uzimitse Read receipts. Udziwiretu mtengo wake: iye saona kuti wawerenga, iwenso suona kuti wawerenga, ndipo suonanso amene aonera sitetasi yako. M'magulupu matiki amagwirabe ntchito. Ine ndimaona kuti kwa masabata oyambirira nkwabwino kuzimitsa, chifukwa chimene ukuphunzira panopa ndi kutumiza, kulondalonda matiki kumangokudyera tulo.

Ndipo dziikire lamulo limodzi: kusintha meseji kawiri basi, kachitatu tumiza mmene ilili. Ukatumiza tuluka pa WhatsApp kwa mphindi 20, katsuke mbale, kagule tomato pamsika, kasambe, chilichonse chofuna manja onse awiri. Mphindi 20 zimenezi zimapatsa mantha mpata wokwera nkutsika, ndipo ukazithera uli maso pa foni phunziro lija silichitika.

Sabata yoyamba usamulembere iyeyo

Zimveka zachilendo koma yamba ndi anthu amene sakugundisa mtima. Tsiku lililonse yankha sitetasi ya munthu mmodzi amene simuchezerana kawirikawiri, mnzako wakale wa ku sekondale, msuweni wako wa ku Zomba, mnyamata wa mu kwaya. Waika chithunzi cha nsapato zatsopano, lemba "koma izi zakukhala, za ku Tsoka kapena mwatisiya mwayamba za mushopu?" Basi. Ena ayankha ndi kkkk, ena ayankha mawa, ena sayankha nkomwe, ndipo ndi zimenezo ndikufuna uone ndi maso ako, kuti kusayankhidwa nchinthu wamba chimene chimachitikira aliyense ndipo m'mawa kumacha bwinobwino. Ukaphunzira zimenezi pa msuweni, tsiku limene zidzachitike pa munthu uja sizidzakhala zachilendo.

Meseji yoyamba kwa iye: yankha sitetasi

Sitetasi ndi khomo labwino kwa wamanyazi chifukwa mwiniwake waiika yekha kuti anthu aone, nde ukayankha sunagogode pachabe, mutu wankhani wakupatsa ndi iyeyo. Yankho lako limapita ku inibokosi kwake osati pagulu, ndipo sitetasi imafufutika pakatha maola 24, zomwe zimakuthandiza kusazengereza mpaka Lachisanu.

Meseji yake ikhale ndi mbali ziwiri: kanthu kamene waona pachithunzipo, ndi kafunso kosavuta koyankhika ndi mawu ochepa. Zimene uzipewe ndi "bho", "moni", "zikuyenda?" ndi "wadya?" paokha. Si kuti ndi mawu oipa, koma amamusiyira mnzako ntchito yonse yopeza nkhani, iye amangobweza "bho" nde iwe watsala pomwe unali, uli ndi mantha owirikiza chifukwa tsopano ukuyenera kuyambanso.

Ndikupatse chitsanzo cha mphwanga, amene anandilola kuti ndinene nkhani yake bola dzina ndisatchule. Ali ndi zaka 26, amakhala ku Kawale, amagwira ntchito mu shopu ya zipangizo zomangira, munthu woti pagulu mawu ake sumawamva. Anali mu komiti ya ukwati wa mnzake ndipo mmenemo munali mtsikana wa ku Area 25 amene anali mmodzi wa makashiya pa perekaniperekani. Tsiku la ukwati anathandizana kutola ndalama pansi nkumaika mu beseni, anayankhulana pang'ono, nambala anapatsana chifukwa cha zithunzi. Ukwati utatha anakhala milungu akulemba nkufufuta meseji yoyamba ndi mawu oti "pali nkhani ina ndakhala ndikufuna ndikuuzeni", imene pa malikisi athu aja ndi 10 yathunthu. Tinaisiya imeneyo. Tsiku lina mtsikanayo anaika chithunzi cha tchipisi cha pachiwaya, kabichi pambali, tsabola wothira mosaumira. Mphwanga analemba kuti:

"Tsabola yenseyo mwamaliza nokha? Chiwaya chake ncha pati chimenechi, pa Nsungwi?"

Taona mmene ilili. Palibe mawu achikondi olo amodzi, munthu wina ataiwerenga sangaseke, koma ikuonetsa kuti wayang'anitsitsa ndipo ikufunsa chinthu choyankhika. Yankho linabwera patatha maola atatu: "kkkk eya pa Nsungwi, tsabola ine ndi wanga." Iye anabweza kuti "nde ndaopa, ine kambuzi mmodzi misozi mbwee", mtsikana anaseka, ndipo mphwanga anasiyira pomwepo. Meseji ziwiri basi tsiku limenelo.

Kusiyira pomwepo nkofunika kwambiri ndipo amanyazi ambiri amalakwitsa apa. Akangoyankhidwa amaona ngati mwayi uwu sudzabweranso, nde amakoka nkhani mpaka iume, mafunso motsatizana ngati kupolisi, mumakhala ndi ndani, munaphunzira kuti, kwanu nkuti. Tuluka nkhani ikadali kukoma. "Ndithamange kaye kasitomala wafika, tichezanso" ndi yokwana, ndipo imakusiyira poyambira tsiku lina. Pakati pa macheza oyamba ndi achiwiri siya masiku awiri kapena atatu, ndipo usayankhe sitetasi iliyonse imene waika, munthu amayamba kumva ngati akulondedwa.

Kuseleula pang'ono

Mukachezapo kawiri katatu za wamba, sitepe yotsatira ndi kuseleulana, ndipo kukopana kwenikweni kumayambira apa. Kuseleula kumanena kuti ndamasuka nawe popanda kutchula mawuwo. Koma sankha bwino poseleula. Pakhale pa chinthu chimene iye amachinyadira kapena amachiseka yekha, monga timu ya mpira, tsabola uja, kuchedwa kumisonkhano ngati amadziseka yekha, kapena mkangano wakalekale woti kwabwino nkuti pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Osakhudza thupi lake, khungu, mtundu wake, Chingerezi chake, ndalama, banja lake kapena chibwenzi chake chakale. Pa meseji palibe nkhope yoti aone kuti ukumwetulira, nde nthabwala yokhudza zimenezi imafika ngati chipongwe ngakhale iwe unalinga zabwino.

Mtsikana uja ndi wa Silver Strikers, mphwanga ndi wa Bullets, nde nkhani inali yopezekeratu. Timu ya mtsikanayo itagonja mphwanga analemba: "Ndimati ndikupepeseni koma ndaona kuti mwina foni mwazimitsa dala lero." Anawonjezera kaimoji kamodzi koseka. Kamodzi, osati mzere wonse. Mtsikana anabweza kuti "iwe usandiyambe, tionana ligi ikamatha."

Pamenepa pali chinthu chimene mphwanga sanachione mpaka nditamulozera. Masiku onse aja ankatchulana kuti inu, ndipo apa mtsikana wanena iwe koyamba, mwini yekha. Kwathu kuno chimenechi ndi chizindikiro choti mpanda watsika, makamaka chikabwera mkati mwa kuseka. Langizo langa nlakuti iwe wamanyazi usathamangire kusintha, khala pa inu mpaka mnzako atsike yekha, kapena funsa mwanthabwala kuti "inu ameneyu akundikalambitsa, tingamusiye?" Komanso usachitenge ngati chilolezo cha zonse, ena aliyense amamutcha iwe. Uone ngati zasintha poyerekeza ndi mmene ankalembera kale. Ndipo mayina aja a bebi, mami, switi, asiye kaye, kuwatchula msanga kumamveka ngati umatumizira aliyense.

Kuyamikira, ndi kameseji koti ndakukumbukira

Apa malikisi a mantha afika mwina 5 kapena 6, koma pofika pano 6 sakuopsanso ngati kale. Kuyamikira kwabwino koyamba kukhale pa chinthu chimene munthu anasankha kapena anachita, chiganizo chimodzi, osachikulunga ndi kupepesa. "Chitenje chija munachisankha bwino, chinakukhalani." "Mmene unayendetsera msonkhano uja ndinagoma." Mtsikana kwa mnyamata chimodzimodzi, "shati ya dzulo ija usaitaye, imakukhala", anyamata sayamikiridwa kawirikawiri ndipo amazisunga mumtima nthawi yaitali. Chimene chimaononga ndi kuyamba ndi "pepani musandimve molakwika koma" nkutsiriza ndi "ngati ndalakwitsa mundikhululukire". Ukapepesa usanalakwe ukumuuza mnzako kuti pali cholakwika, nde naye amayamba kuumitsa thupi. Lemba chiganizocho, ika kadontho, tumiza, kagwire ntchito ya mphindi 20 ija.

Kenako pali kameseji kamene ine ndimakakonda kuposa tonse, koti waona chinthu nkumukumbukira. Kamanena kuti unali m'maganizo mwanga iwe kulibe, koma kamabisala kuseri kwa chinthu wamba, nde wamanyazi amakwanitsa kukatumiza. Mphwanga anadutsa pamsika wa Lizulu mtauni nkuona mulu wa kambuzi, anajambula, nkulemba kuti "ndapeza ndiwo zako." Mawu atatu. Mtsikana anayankha ndi voisi noti akuseka, nkufunsa kuti wagula kapena wangojambula. Kuti kameseji kotere katheke uyenera kumasunga timfundo timene mnzako wanena, kuti amadana ndi minibasi zodikira kudzaza pa depoti, kuti Loweruka amakhala ku kwaya, kuti mayi ake amalima mtedza ku Mchinji. Amanyazi mumamvetsera kwambiri kuposa anthu ena, nde apa muli ndi mwayi, ugwiritseni ntchito.

Za voisi noti ndinene pang'ono. Ngati mawu ako amanjenjemera usadzikakamize, koma ukafuna kuyesa, kokera kamaikolofoni mmwamba kuti kakhome, yankhula masekondi 10 kapena 15, imitsa, umvere kaye usanatumize. Kujambula kawiri basi monga lamulo lija.

Nthawi yotumizira nayo ili ndi tanthauzo. Masana pa nkhomaliro kapena madzulo anthu ataweruka ndi bwino. Meseji ya 11 koloko usiku yoti "wagona?" imamveka mwina ngakhale ulibe maganizo amenewo, nde isiye mpaka mudzazolowerane.

Kuwerenga mayankho osadzinamiza, osadziopsezanso

Munthu wankhawa amawerenga chete aliyense ngati kukanidwa, pomwe mu Lilongwe muno zifukwa zosayankhira nzambiri. Bandulo yatha ndipo agula mawa, magetsi anazima foni yafa, ali mu minibasi yodzaza sangatulutse foni, kuntchito salola. Tiki imodzi yotuwa ndekuti meseji sinafike nkomwe pa foni yake, nde palibe choti uganizirepo. Matiki awiri otuwa ndekuti yafika koma sizikutanthauza kuti waiona. Usaweruze ndi liwiro la yankho, weruza ndi zimene zili mkati mwake, ndipo uone macheza atatu kapena anayi pamodzi osati limodzi.

Zizindikiro zoti naye akusangalala ndi izi: amabweza funso, amawonjezera nkhani imene sunafunse, amakuseleulanso, amakumbukira zimene unanena sabata yatha, ndipo nthawi zina amayamba ndi iyeyo. Ichi chomalizachi ndiye chachikulu. Mtsikana uja tsiku lina anayamba yekha, Bullets itafanana mphamvu ndi timu ina, kulemba kuti "lero uli chete bwanji?" Pamenepo panalibenso chofunsa.

Zizindikiro zoti sakufuna nazonso zimaoneka: "ok", "kk", "eya", kachala koloza mmwamba, nthawi zonse osabweza funso, masitetasi akuika koma iwe osakuyankha, kapena kukutchula dala kuti achimwene kapena sisi pomwe iwe wayamba kukopa, kapenanso kutchula chibwenzi chake mkati mwa nkhani. Anthu ambiri kuno sakana mwachindunji, amakana mwaulemu chonchi, ndipo ndi bwino kumva. Lamulo lake ndi la ziwiri. Watumiza, sanayankhe, dikira masiku atatu kapena anayi, tumiza ina yatsopano yosakhudza yoyamba ija, osati "mwandiiwala?" kapena "bwanji simukuyankha?" kapena zizindikiro za funso zitatu zokha. Yachiwiriyo ikapitanso pachabe, siya. Osaflasha, osaimba, osamutumira mnzake, osaika masitetasi omunena. Kupitiriza kulembera munthu amene waonetsa kuti sakufuna ndi kumuvutitsa, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kulondalonda anthu kudzera pa foni ndi intaneti. Ngati dzina lake likukupweteka ukamaliona pamwamba, kanikiza tchaticho nkusankha Archive kuti chichoke pamaso.

Zikakhala choncho zimawawa ndithu, sindikunamiza, koma taona chimene wataya: timeseji tiwiri ta tchipisi ndi mpira. Mukakumana ku tchalitchi kapena pa siteji mupatsana moni bwinobwino chifukwa palibe chochititsa manyazi chimene unalemba. Uja anatumiza ndime zisanu za chikondi tsiku loyamba ndi amene amasintha njira akamuona.

Meseji ikapita molakwika

Zidzachitika, nthabwala ina sidzafika bwino. Mphwanga tsiku lina anaseleula kuti makashiya a paukwati amabwerako ndi kanthu m'thumba, mtsikana anangoyankha kuti "hmm". Nthabwala ija inakhudza kukhulupirika kwake pa ndalama, malo oletsedwa aja. Mphwanga ankafuna afufute, ndinamuletsa, chifukwa Delete for everyone imasiya chizindikiro choti This message was deleted, ndipo munthu woti wawerenga kale zimangomuonjezera mafunso. Edit imagwira mkati mwa mphindi 15 zokha ndipo imalemba kuti Edited, ndiyabwino pokonza sipelo basi. Chimene chimakonza zinthu ndi chiganizo chimodzi cholunjika. Analemba kuti "Ija sinatuluke bwino, pepa, ndikudziwa unagwira ntchito mokhulupirika tsiku lija." Kupepesa kamodzi, osabwereza, osalemba ndime yofotokoza. Mtsikana anati "zamveka", mawa lake panalibe meseji, mkuja wake nkhani ya mpira inapitirira.

Zina ziwiri zoti usamale. Usatengere ndakatulo zachikondi za pa intaneti kapena kupempha mnzako wolongolola kuti azikulembera, chifukwa tsiku lokumana adzayembekeza munthu wa m'mameseji uja ndipo iwe mantha adzawirikiza, komanso mtima wako sukuphunzira kanthu ngati wolemba ndi wina. Lemba mmene umayankhulira, ngati umasakaniza Chichewa ndi Chingerezi sakaniza. Chinanso, chilichonse ukulemba uziganiza kuti chingathe kujambulidwa nkuonetsedwa kwa anzake, chifukwa anthu amaonetsana ndithu, pena pongofunsa nzeru. Timameseji tating'ono taulemu sitiopa zimenezo. Zithunzi zamaliseche usatumize ndipo usapemphe, ngakhale pa View once, munthu amatha kujambula ndi foni ina. Ndipo ngati macheza angoyamba kumene koma meseji iliyonse ikuthera pa "ndigawireko ya bandulo" kapena "nditumizire pa Airtel Money kapena Mpamba", ima kaye uone bwino, makamaka ngati munthuyo simunaonanepo maso ndi maso. Amanyazi amagwa msanga pamenepa chifukwa amaopa kuti akakana macheza atha.

Kupempha kuti mukumane

Mameseji asakhale nyumba yokhalamo. Pakatha masabata atatu kapena anayi zizindikiro zabwino zija zikuoneka, pempha kukumana, chifukwa mukachedwetsa macheza amazizira kapena amakhazikika pa ubwenzi wamba. Pempho likhale ndi malo, tsiku, ndi khomo lotulukira. "Tidzakumane tsiku lina" silipita kulikonse. Malo akhale a pagulu, masana, otchipa, oti aliyense afika yekha ndipo abwerera yekha, monga kukamwa Fanta ku Gateway Mall, kukayenda ku Lilongwe Wildlife Centre, kapena mpira ku Bingu National Stadium. Osati kunyumba kwako. Ndipo ngati ndiwe mtsikana uuze mnzako kapena mchemwali wako komwe ukupita.

Bwino kwambiri pempholo lichokere mu nkhani yanu yomwe, lisagwe ngati mvula ya chilimwe. Mphwanga analemba chonchi: "Loweruka masana ndikhala cha ku 25, ndikufuna ndikayese chiwaya cha pa Nsungwi chija ndione ngati tsabola wake ndingamuthe. Ukhalapo? Ngati watanganidwa palibe vuto." Anaipatsa malikisi 7, anasintha kawiri, anatumiza, nkupita kukapanga sitoko ya misomali kuseri kwa shopu.

Mayankho a pempho lotere amakhala amitundu itatu. Pali eya, amene safuna kumasulira, ungotsimikiza nthawi nkusiya, osayamba kuthokoza ndime zitatu. Pali "Loweruka sindingathe koma Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi", ameneyu ndi eya ndithu chifukwa wapereka tsiku lina yekha, ndipo ndi amene mphwanga analandira. Ndiye pali "ndiona", "ndikuuza" kapena "panopa ndatanganidwa" popanda tsiku lina. Pamenepo yankha kuti "chabwino, ukamasuka undiuze" ndipo usafunsenso, mpira uli kwa iye. Akafuna adzabweretsa yekha nkhaniyo, akapanda kutero pakatha milungu iwiri utenge kuti wakana, uzimupatsa moni monga kale ndipo masitetasi ake uziwayankha mwa apo ndi apo kapena kusiyiratu.

Akavomera, pakati pa tsiku limenelo ndi tsiku lokumana chepetsa mameseji kuti mudzakhale ndi zokamba. M'mawa wa tsikulo tumiza kamodzi kotsimikiza, "tikadali pa 2 koloko eti?", tchaja foni, onetsetsa kuti uli ndi mayunitsi oimbira ngati netiweki ya intaneti ingavute, ndipo unyamuke msanga chifukwa minibasi za ku 25 zimadikira kudzaza.